Chithunzi chioneke ngati cha filimu yakale, koma nkhope isatuwe

Tiyamike: Moni nonse apagulu. Pali chithunzi chojambulidwa pa foni cha m'ma 4 koloko masana. Ndi mayi wovala chitenje chofiira ndi bulauzi yoyera, waima pafupi ndi mpanda wa njerwa zootcha, kumbuyo kuli mtengo wa mango. Mwini wake akufuna chioneke ngati zithunzi za mu alubamu ya makolo, zosuluka pang'ono, zokhala ndi kuwala kwa olenji m'mbali. Ndakweza kadontho ka pansi pa Curves, mzere wosinthira kuwala ndi mdima wa chithunzi, monga amanenera ambiri, ndaikanso buluu m'mithunzi. Njerwa ndi mtengo zikuoneka bwino, koma nkhope yatuwa ngati munthu amene wasamba osadzola mafuta. Ndikulakwitsa pati?

Aise Kondwani: Ingoikani sepiya basi, achemwali. Chithunzi chakale ndiye chimenecho. Mukatero muwonjezere Vignette yamphamvu yodetsa makona, nkhani yatha.

A Phiri a Situdiyo: A Kondwani, sepiya ndi yakale ndithu, koma ndi ya banja lina. Imeneyo inali njira yoviika chithunzi chakuda ndi choyera mu mankhwala osandutsa siliva wa papepala kukhala wabulauni, ndipo chithunzi chotero chimakhalitsa kuposa chosaviikidwa. Si kusuluka ayi. Mukaika sepiya pa chithunzi cha a Tiyamike, chitenje chofiira chija chafa, chikhalirecho ndiye mwini wake akuchifuna.

A Tiyamike, musanagwire chilichonse sankhani kuti "chakale" chanu ndi chiti, chifukwa anthu amasakaniza zinthu ziwiri. Choyamba ndi mtundu umene filimu inkatulutsa ili yatsopano, monga Kodak Gold 200 imene imapendekera ku chikasu, kapena Fujifilm Superia imene imakonda kubiriwira m'mithunzi. Chachiwiri ndi zimene zaka zachita pa pepala losindikizidwa. Mwini chithunzi wanena za alubamu, ndiye akufuna chachiwirichi.

Pepala la chithunzi cha mitundu lili ndi utoto utatu wosanjikizana, wachikasu, wa majenta ndi wa sayani, umene uli pakati pa buluu ndi wobiriwira. Mapepala ambiri a m'ma 1970 akasungidwa mumdima kwa zaka, utoto wa sayani ndi umene unkayamba kutha. Sayani akachoka, chotsala ndi kufiira. Ndipo poti utoto umachuluka pamalo akuda, mithunzi ndi imene imasintha kwambiri, imakhala yabulauni wofiirira m'malo mwa yakuda bii. Pepala lenilenilo nalo limachita chikasu, ndiye zoyera zimakhala ngati mkaka wa m'chitini. Choncho buluu amene mwaika m'mithunziyo akulowera kwina. Ameneyo ndi wa makanema a masiku ano, osati wa alubamu ya agogo.

Nachisale: Ndiwonjezere pa nkhani ya kutuwa, chifukwa si buluu yekha. Malangizo ambiri amene ali pa intaneti anayesedwa pa khungu loyera, limene limakhala kumtunda kwa mzere wa Curves. Ukakweza pansi, khungu lotero silikhudzidwa kwenikweni. Khungu lathu limakhala kumunsi kwa mzerewo, ndiye pomwe mukukokapo ndi pomwe pali nkhope.

Tiyese ndi manambala. Tinene kuti patsaya pa mayiyo mwayeza pa muyezo wa 0 mpaka 255 n'kupeza kufiira 95, kubiriwira 62, buluu 48. Mukakweza kadontho ka pansi kuchoka pa 0 kufika pa 30 popanda kumanga mzere pena paliponse, mzere wonse umapendekera m'mwamba. Tsaya lija lisanduka 114, 85 ndi 72. Onani kuti poyamba kufiira kunali pafupifupi kawiri kuposa buluu, pano kwatsala kamodzi ndi theka n'kakang'ono. Mitundu itatuyi ikayandikana chonchi, diso limaona phulusa. Mukathiranso buluu m'mithunzi, ndiye kuti 72 uja wakweranso, phulusa lawonjezeka.

Mankhwala ake ndi kumanga mzere. Ikani kadontho kena pa 60 kuti kakhale pa 60 pomwepo, kena pa 128 kakhale pa 128, kenako ndiye mukweze ka pansi, ndipo musapitirire 20 kapena 22. Mukatero, kusuluka kumagwira zinthu zakuda zenizeni zokha, monga tsitsi, mthunzi wa pansi pa mtengo ndi mipata ya njerwa. Tsaya lija likhala pafupifupi momwe linalili, buluu yekha ndi amene angakwere pang'ono.

Tiyamike: Manambala a patsayawo ndiwaona pati? Pa foni sindikuona poyezera.

Nachisale: Pa kompyuta ndi kosavuta. Mu Photoshop tsegulani Info n'kuyendetsa mawusi pankhope, mu GIMP gwiritsani Color Picker. Lightroom Classic imaonetsa pansi pa Histogram, kungoti imawerenga m'mapelesenti osati 0 mpaka 255. Pa foni yesani ndi maso: mzere wa Curves uli ndi mabokosi anayi m'lifupi, ndiye kadontho komangira kakhale pamene bokosi loyamba lathera.

Che Jafali: Mayi Nachisale anena zoona, koma njira imeneyo ili ndi mtengo wake ndipo auneneko. Mukamanga pa 60 n'kukweza 0 kufika pa 22, zonse zimene zinali pakati pa 0 ndi 60 mwazipanikiza pakati pa 22 ndi 60. Ngati nkhope yonse ili padzuwa, palibe vuto. Koma ngati mbali imodzi ili mumthunzi, mbali imeneyo imatha kukhala pa 30 kapena 40, ndiye imaphwatalala. Mphuno, tsaya ndi khosi zimangokhala chinthu chimodzi chopanda mapindikidwe. Chizindikiro chake, tsitsi ndi mphumi zimalumikizana osaona pomwe china chathera.

Ine ndimaona kuti ndi bwino kuyamba kuwalitsa munthuyo musanasulutse. Musankhe munthu yekha ndi Masking ya mu Lightroom, mukweze Exposure ndi 0.3 kapena 0.4, kuti nkhope ichoke kumunsi kumene kukupanikizidwako. Ojambula pa filimu ya negativi ankachitanso chimodzimodzi, kupatsa filimu kuwala kochulukirapo pang'ono kuti mithunzi isakhale matope.

Nachisale: Ndikuvomera ngati nkhope ili mumthunzi. Koma 0.4 pa munthu yekha, iye ali pafupi ndi mpanda umene sunasinthe, nthawi zina amaoneka ngati wamatidwa. Komanso eni zithunzi ena sakondwa ukawayeretsa khungu, amati si ine ameneyu. Ine ndingayambe ndi 0.2.

Che Jafali: Pamenepo tisiyana pang'ono. Aweruze ndi maso a amene ali ndi chithunzicho.

Mayi a Dalitso: Pepani ndalowerera. Ineyo ndili ndi chithunzi cha ukwati wa makolo anga, chinafiira chonse, nkhope sizikuoneka bwino. Ndiye ndikweze kadonthoko kufika pa 22?

A Phiri a Situdiyo: Ayi mayi, inu mukupita kwina, ife tikubwerera kwina. Anzathuwa akufuna kukalambitsa chithunzi chatsopano, inu mukufuna kutsitsimutsa chakale. Kwa inu ndi kutembenuza zonse. Sikanani chithunzicho pa 600 dpi, mutsegule Levels, musankhe Red, Green ndi Blue chimodzichimodzi, n'kukokera timakona ta m'mbali mpaka pamene phiri la Histogram layambira. Kufiira kwambiri kumachoka pomwepo. Tsegulani mutu wanuwanu tikathandizane kumeneko. Komabe musachitaye chofiiracho, chifukwa kwa a Tiyamike chimenecho ndiye chitsanzo chabwino kuposa puriseti iliyonse yogula.

Tiyamike: Ndamanga mzere monga mwanenera, nkhope yabwerera. Buluu ndamuchotsa. Koma pano chikungooneka ngati chithunzi cha foni chimene chachita nkhungu. Ukale wake sukuoneka.

A Phiri a Situdiyo: Chifukwa mwangochita theka. Mwachepetsa kuda, koma zoyera zikadali mbee, ndipo mitundu ikadali ya foni. Bwererani pa Curves. Kadontho ka pamwamba kumanja mukatsitse kuchoka pa 255 kufika cha m'ma 240. Pepala lakale silifika poyera penipeni, ndiye bulauzi ija isiye kuthobwa m'maso.

Tsopano lowani mu mitundu umodziumodzi. Mu Red kwezani kadontho ka pansi kufika pa 10 kapena 12. Apa ndiye mukutsanzira sayani wotha uja, mithunzi iyamba kufiirira. Ubwino wake, kufiira kumeneku kumagwirizana ndi khungu lathu, kumalipatsa moyo m'malo molituwitsa. Mu Blue tsitsani kadontho ka pamwamba kufika pa 235, zoyera zichita chikasu ngati pepala lokhalitsa. Green musamugwire poyamba. Mukaona kuti mithunzi yalowa ku pinki kwambiri, mukweze pansi pake ndi 3 kapena 4 basi, ibwerera ku bulauni.

Amene amaopa mizere itatuyi atha kupeza zofanana ndi Color Grading ya mu Lightroom, imene inalowa m'malo mwa Split Toning mu 2020. Pa Shadows ikani Hue cha m'ma 20 ndi Saturation 10, pa Highlights Hue cha m'ma 50 ndi Saturation 12. Midtones isiyeni. Koma sankhani njira imodzi. Mukachita zonse ziwiri, chithunzi chikhala ngati chaviikidwa mu tiyi.

Poyesera ngati mwapitirira ndi pa bulauzi ndi m'maso mwa munthuyo. Bulauzi ioneke kuti inali yoyera koma yakalamba. Ikayamba kuoneka ngati anaigula yachikasu, bwezani Blue kufika pa 242. Zoyera za m'maso zikachita chikasu ngati wodwala, ndiye mwapitirira kalekale.

Gift wa Mafoni: Chimene chimaulula foni msanga ndi masamba. Mafoni amakonda kubiriwitsa mtengo mopitirira, ngati wa pulasitiki. Mu Color Mix ya mu Lightroom sankhani Green, Saturation itsike ndi 25 kapena 30, Hue ipite kumanzere ndi 15 kuti masamba a mango alowere ku chikasu. Ngati kumwamba kukuoneka, Blue nayenso atsike ndi 20.

Chachiwiri ndi kuthwa. Foni imanola m'mphepete mwa chinthu chilichonse isanasunge chithunzi, moti mukakulitsa muona kamzere koyera kozungulira mutu wa munthu pomwe wakumana ndi kumwamba. Kamera zotchipa za filimu zinalibe zimenezo. Sharpening ikhale pa 0, Texture itsike ndi 15, Clarity itsike ndi 10. Musatsitse Clarity kufika pa 40 ayi, pamenepo chimakhala ngati chithunzi cha pakhadi la ukwati, cha utsi chija.

Aise Kondwani: Nanga osangotsitsa Saturation ya chithunzi chonse bwanji? Mitundu yonse ifooke pamodzi, m'malo movutika umodziumodzi.

Gift wa Mafoni: Pang'ono zimatheka, mwina 8 kapena 10. Koma ikatsika kwambiri imatenganso khungu, phulusa lija labwerera. Komanso pa mapepala ofiirira aja zofiira sizifooka, zimene zimafooka ndi zobiriwira ndi zabuluu. Chitenje chikhalebe chofiira, mtengo ndi umene ukalambe.

Nachisale: Pali msampha wina pa chithunzi chimenechi. Njerwa zootcha ndi dothi la katondo zili mu Orange, mmene mulinso khungu. Mukakweza Red m'mithunzi, mpanda uja uyaka kwambiri, ndiye mudzafuna kutsitsa Orange kuti uzizire. Mukatero mwatsitsanso nkhope. Njira yake ndi kusankha munthu ndi Masking, kutembenuza ndi Invert kuti kumbuyo kokha ndiko kusankhidwe, kenako kutsitsa Saturation ya kumeneko ndi 12 kapena 15. Pa foni Masking ya Lightroom ndi yolipira. Mu Snapseed mutha kuchita mwaulere: tsitsani Saturation mu Tune Image, mulowe mu View edits, musankhe kabulashi, n'kupaka pa mpanda pokha.

Tiyamike: Eya, mpanda unayakadi. Ndakonza. Tsopano kuwala kwa olenji kuja. Ndili ndi zithunzi za kuwala kotere, kotchedwa laitiliki, zimene ndinatsitsa pa intaneti, koma ndikaika pamaoneka bokosi, ndipo nkhope ikuchita olenji.

Che Jafali: Tiyambe ndi komwe kuwalako kumachokera, chifukwa mukadziwa zimenezo simungakuike pamalo olakwika. Kamera ya filimu ili ndi chitseko kumbuyo, ndipo m'mphepete mwake muli timasiponji takuda totseka mipata. Tikakalamba timanyenyeka kapena kusanduka phula, dzuwa n'kumalowera pamenepo, makamaka kumene kuli hinjesi. Kuwalako kumafika pa filimu kuchokera kumsana kwake. Filimu ya mitundu ili ndi magawo osanjikizana: lakumaso limamva buluu, lapakati limamva zobiriwira, lakumsana limamva zofiira. Ndiye kuwala kolowera kumbuyo kumayamba kugunda gawo la zofiira. N'chifukwa chake laitiliki yambiri ndi yofiira kapena yaolenji, ndipo pamene kuwala kwachuluka mpaka kuboola magawo onse imachita chikasu kenako kuyera. Kukalowera kumaso, mbali ya lenzi, kumaoneka koyera kapena kwabuluu pang'ono.

Pamenepa pakutuluka malamulo atatu amene diso limadziwa ngakhale mwini diso sakudziwa. Laitiliki imayambira m'mphepete mwa chithunzi, siimera yokha pakati. Mitundu yake imayenda mwadongosolo, poyera pakatikati pake, kenako chikasu, olenji, n'kuthera kufiira kumene ikuzilala. Ndipo pa filimu ya 35 mm, imene chithunzi chake ndi 24 mm ndi 36 mm, mpata wa kuhinjesi umadula filimu mopingasa, ndiye mkwasa wake umayenda motsata mbali yaifupi ya chithunzi. Chithunzi chikakhala chogona, mkwasa umaima chilili. Ngati chanucho ndi choimirira, ndiye kuti wojambula anapendeketsa kamera, mkwasa uyenera kugona, kumtunda kapena kumunsi. Ambiri amalakwitsa pamenepa. Si laitiliki yonse imachokera kuhinjesi, koma imeneyi ndi imene anthu anaizolowera.

Za laitiliki za pepo ndi zobiriwira zimene zimabwera m'mapaketi aulere, ine sindiziika pa chithunzi cha mtundu uwu. Zimaoneka ngati magetsi a kudisiko.

Nachisale: Bokosi limene mukuonalo likuchokera pa kuda kwa chithunzi cha laitilikicho. Leya yake imaikidwa pa Screen, ndipo Screen imabisa chakuda chenicheni chokha, cha 0. Zotsitsa pa intaneti zambiri kuda kwake kuli pa 8 kapena 12 chifukwa cha kupanikizidwa kwa JPEG, ndiye pamatsala kachifunga kokhala ndi m'mphepete mowongoka. Tsegulani Levels pa leya imeneyo yokha, mukokere kakona kakuda kufika pa 15, bokosi lichoka.

Za nkhope kuchita olenji, yankho lili m'masamu a Screen. Pa mtundu uliwonse imawerengera chonchi:

```
255 - (255 - a) * (255 - b) / 255
```

Apa a ndi chithunzi chanu, b ndi laitiliki. Tengani olenji wa 255, 120, 40 mumuike pa tsaya lija la 95, 62, 48. Zituluka 255, 153, 80, nkhope yapsa. Ngakhale mutsitse Opacity kufika pa 30, kufiira kwa tsaya kukwera kuchoka pa 95 kufika pa 143. Pomwe pa bulauzi, pamene kufiira kuli kale pa 235, kungokwera ndi 6. Ndiye Screen imaluma kwambiri chinthu chakuda, choyera imangochinyambita. Laitiliki imene ikuoneka yofatsa pa khoma loyera imameza nkhope ya munthu wakuda. Ichi ndi chifukwa chake ndimati isafike pankhope n'komwe. Iikeni mbali ya mtengo wa mango, kumene kuli mdima woti iwalirepo, ithere paphewa.

Aise Kondwani: Ndiye ingofufutani pankhope ndi Eraser, kwina konse isiyeni.

Che Jafali: Mukafufuta motsata mutu, laitiliki ioneka ngati yadutsa kumbuyo kwa munthu. Zimenezo sizingachitike, chifukwa kuwalako kunagwa pa filimu, sikunali pabwalo pamene anaima mayiyo. Sikudziwa kuti apa ndi munthu, apa ndi mpanda. Woona sangathe kufotokoza chavuta, koma adziwa kuti n'chopanga. Isuntheni leya yonse, kapena muizilalitse ndi Gradient pa masiki yake, kuti ifooke mofanana pa munthu ndi pa mpanda pomwe.

Gift wa Mafoni: Kupanga yanu n'kosavuta kuposa kusaka yabwino, ndipo simudzakumana ndi chithunzi cha munthu wina chokhala ndi laitiliki yofanana ndi yanu. Mu Photoshop kapena GIMP tsegulani leya yatsopano, muidzaze ndi chakuda, muike pa Screen. Tengani bulashi yaikulu, Hardness pa 0. Pakani mkwasa wotakata m'mphepete ndi `#c8280a`, pamwamba pake wocheperapo ndi `#ff7828`, kenako kakang'ono kwambiri kumphepete kwenikweni ndi `#ffe0a0`. Musawongole dzanja, mkwasa ukhale wonenepa kwina wowonda kwina. Thirani Gaussian Blur, pa chithunzi cha mapikiselo 4000 m'litali yambani ndi 120. Opacity pakati pa 40 ndi 60 ngati ili kutali ndi nkhope. Isadye malo opitirira gawo limodzi mwa magawo asanu a chithunzi.

Opanda kompyuta, lowani m'chipinda usiku muzimitse magetsi. Phimbani tochi ndi pepala la switi laolenji kapena lofiira, muyatse pambali penipeni pa lenzi ya foni, osati kutsogolo kwake, n'kujambula mdimawo. Jambulani khumi, ziwiri zikhala zabwino. Tsitsani kuwala musanajambule ndipo muzimitse Night mode, apo ayi foni iyesa kuwalitsa mdima n'kukupatsani phulusa la madontho. Mu Snapseed muziika ndi Double Exposure. Mmenemo mulibe Screen, ndiye yesani Add kapena Lighten. Add imapsereza msanga, choncho tsitsani mphamvu yake kwambiri.

A Phiri a Situdiyo: Ine ndinene maganizo anga, ngakhale sanandifunse. Pa chithunzi cha mtundu wa alubamu, laitiliki ndi chinthu chimene ndingachisiye. Wojambula wa kale amene ankayenda ndi kamera m'maukwati ndi m'masukulu, chithunzi chikalowa kuwala sankachipereka kwa kasitomala, chinali chowonongeka. Ndiye m'maalubamu ambiri simuzipeza. Laitiliki ndi ya zithunzi zojambulana pachibale ndi kamera yokalamba. Mukaika pa chimodzi mwa zithunzi khumi, imakoma. Mukaika pa khumi zonse pakona yomweyo, ngakhale mwana azindikira.

Tiyamike: Mwini wake waitchula yekha, madala. Ndiyo imene akuifuna kwambiri.

A Phiri a Situdiyo: Ndiye mupatseni, wolipira ndi iyeyo. Koma mumutumizire ziwiri, china chopanda, aone yekha.

Nachisale: Chatsala ndi timchenga, ndipo timabwera pomaliza penipeni, pamwamba pa laitiliki. Chifukwa choyamba, pa filimu yeniyeni kuwala kolowa mwakuba nakonso kumalembedwa ndi timchenga tomweto, ndiye laitiliki yosalala pamwamba pa chithunzi cha mchenga imaoneka ngati sitika. Chachiwiri ndi chofunika kwambiri kwa inu amene mukugwira JPEG ya foni. Mtundu uliwonse uli ndi masitepe 256 okha. Mukapinda Curves n'kuikapo laitiliki yozilala pang'onopang'ono, masitepewo amayamba kuoneka ngati mizeremizere, makamaka kumwamba ndi pamene olenji akuthera. Timchenga timaswa mizereyo. Mu Photoshop zimathandizanso kusintha chithunzi kukhala 16 Bits/Channel musanayambe.

Mu Lightroom yambani ndi Amount 25, Size 30, Roughness 50. Mu Photoshop pangani leya ya 50% Gray, muthire Add Noise ya 5% ndi Gaussian ndi Monochromatic, kenako Gaussian Blur ya 0.6 kuti timchenga tisakhale takuthwa ngati phokoso la kamera ya dijito, leya muiike pa Overlay. Mukasiya kuchonga Monochromatic mupeza timadontho tofiira ndi tobiriwira pankhope, ngati chithunzi cha foni chojambulidwa usiku.

Gift wa Mafoni: Koma chenjerani ndi kukula kwa chithunzi. Mukathira timchenga pa mapikiselo 4000, kenako n'kuchepetsa kufika pa 1600, timchenga tambiri timasungunuka. Yambani kuchepetsa kufika pa saizi imene chikaonekere, timchenga tibwere pambuyo. Ndipo WhatsApp ikapanikiza, timchenga tating'ono timasanduka zigamba zamabokosi, makamaka m'mithunzi yosulukayo. Tumizani ngati Document kuti chifike momwe chilili. Ngati n'choika pa Status, kumene simungapewe kupanikiza, Size ikwere kufika pa 40 ndipo Amount itsike kufika pa 18. Timchenga takulutakulu tochepa timapulumuka kuposa tating'ono tambirimbiri.

Aise Kondwani: Vignette yanga ija palibe amene waiyankha.

Che Jafali: Ilipo, aise, malenzi otchipa ankadetsadi m'makona. Koma ndi ya 8 kapena 10, Feather ili pamwamba, yoti munthu asaione pokhapokha mutaizimitsa. Ndipo muone dongosolo lake. Ikabwera pambuyo pa kusulutsa, makona amada kupitirira 22 uja, n'kukhala chinthu chakuda kwambiri pa chithunzi chimene kwina konse kulibe chakuda. Mu Photoshop leya yake ikhale pansi pa Curves. Komanso isadetse kona imene kuli laitiliki, chifukwa kuwala kuja sikunadutse mu lenzi.

Tiyamike: Zatheka, zikomo nonse. Ndakhazikika pa 20 pansi, 240 pamwamba, Red 10, munthu ndamukweza ndi 0.3. Laitiliki yagona kumtunda, mbali ya mtengo. Koma mwini wake akuti akufunanso kukachitsukitsa ku situdiyo, cha 8 ndi 10, aike mu fulemu. Ndipereke fayilo yomweyi?

A Phiri a Situdiyo: Ayi, pangani ina. Sikirini imawala yokha, pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda, ndipo kuda kwa pepala sikufika pa kuda kwa sikirini. Ndiye pepala limasulutsa kale palokha, makamaka losanyezimira. Pa 20 wanu uja tsitsi likhoza kutuluka ngati dothi. Tsitsani kufika pa 10 kapena 12, pamwamba mubweze pa 246. Muwauze a pamakina kuti azimitse kukonza mitundu kwa makinawo, chifukwa akaona kufiirako amayesa ndi vuto n'kukuchotsa, ntchito yanu yonse n'kupita. Yambani ndi kakang'ono ka 4 ndi 6, mukaonere panja pamthunzi, osati pansi pa babu la m'situdiyo. Kumbukiraninso kuti 8 ndi 10 si mlingo wofanana ndi wa foni, makina adula m'mbali zazifupi, kumene mwaikako laitiliki. Dulani nokha kaye, laitiliki muiike pambuyo.

Che Jafali: Pa 10 ine ndikukayika, a Phiri. Pa pepala lonyezimira kusulukako sikuonekanso, mwini wake adzati mwamupatsa chithunzi wamba. Ndingasiye pa 15.

A Phiri a Situdiyo: Zimatengera makina ndi pepala la kumeneko. Atsukitse tiwiri ta 4 ndi 6, ka 10 ndi ka 15, alembe manambala kumsana kwake asanasokoneze.

Mayi a Dalitso: Ine ndatsegula mutu wanga uja, a Phiri. Sikana ya kuno ikungofika pa 300 dpi, ndiye mukandiuze kumeneko ngati ikwanira.